Chithunzi Chotsogolera ndi Mawu Ochiperekeza

Munthu akaika chithunzi cha pa kamera mu pulogalamu yopanga zithunzi, n'kulembanso mawu ofotokoza zimene akufuna, amakhala atapereka malangizo awiri kwa makina amodzi. Malangizowo akagwirizana, chotuluka chimakhala pafupi ndi chimene munthuyo anali nacho m'maganizo. Akasemphana, makina saima kuti afunse kuti atsate ati. Amangosakaniza zonse ziwiri, ndipo kumabwera chithunzi chosamveka mutu wake. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti chithunzi ndi mawu ziyenera kugawana ntchito, ndipo kagawidwe kake kamadalira kuchuluka kwa zimene makina amasunga kuchokera m'chithunzicho. Zimene makina asunga, mawu sangazigonjetse. Zimene makina afufuta, mawu okha ndiwo angazibweze. Ambiri amene amadandaula kuti pulogalamu ndi yosamva amakhala kuti akupempha mawu kuti agwire ntchito ya chithunzi, kapena akuyembekezera chithunzi kuti chinene zimene iwo sanalembe.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi mmene makinawa amapangira chithunzi. Titenge Stable Diffusion, amene anatulutsidwa kwa anthu onse mu Ogasiti 2022, chifukwa zamkati mwake n'zodziwika ndipo manambala ake munthu amatha kuwasintha yekha. Akamapanga chithunzi kuchokera ku mawu okha, amayamba ndi chipwirikiti cha timadontho, chonga chimene chinkaoneka pa TV yakale ikasowa siteshoni. Kenako amachotsa timadonthoto pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, ndipo pa sitepe iliyonse mawu aja amamuuza kuti chimene chikubisala m'chipwirikitimo n'chiyani. Pa masitepe oyambirira m'pamene pamakhazikika zinthu zazikulu: pamene pali kuwala ndi mdima, mitundu yophimba malo aakulu, ndi malo amene chinthu chilichonse chakhala. Masitepe omalizira amangokonza tinthu tating'onoting'ono monga nkhope, ulusi wa nsalu ndi mizere ya mtengo. Njira yoyambira pa chithunzi, imene pa sikirini imalembedwa img2img, imangosintha poyambira. M'malo moyamba ndi chipwirikiti chokhachokha, makina amatenga chithunzi chanu, n'kuchiwaza timadontho mpaka pa mlingo umene mwasankha, kenako n'kuyamba kuyeretsa kuchokera pamenepo. Mlingowo ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1, yotchedwa Denoising strength m'mapulogalamu ena ndi strength mwa ena. Pa 0 chithunzi chimabwerera pafupifupi mmene chinalili. Pa 1 chimakwiririka chonse, moti zimakhala pafupifupi ngati simunachipereke n'komwe. Ngati mwapempha masitepe 40 ndipo mlingo ndi 0.3, makina amadumpha masitepe 28 oyambirira n'kuchita 12 omalizira okha. Pa 0.5 amachita 20, pa 0.75 amachita 30. Choncho nambalayi sikuti ikungonena kuti chithunzi chisinthe kwambiri kapena pang'ono. Ikunena kuti mawu anu aloledwa kulowa pa sitepe iti, ndipo akalowa mochedwa amapeza zinthu zazikulu zitagamulidwa kale.

Tiyese ndi ntchito yeniyeni. Wojambula zithunzi za m'buku la ana ali ndi chithunzi cha pa foni: msodzi wovala malaya ofiira waima pambali pa bwato pa mchenga, ukonde uli m'bwatomo, chidebe chapulasitiki chili pansi, nyanja ili bata kumbuyo ndipo mapiri akuonekera patali. Chinajambulidwa masana dzuwa lili paliwombo. Iye akufuna chithunzi chooneka ngati chopentedwa ndi utoto wamadzi, dzuwa likulowa, popanda chidebecho. Asanalembe liwu lililonse pali nkhani ya kukula kwa chithunzi. Foni imajambula zithunzi zotambalala mbali zinayi pa zitatu, monga mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 m'litali, pomwe Stable Diffusion 1.5 anaphunzitsidwa ndi zithunzi za 512 mbali zonse. Akachikakamiza kulowa m'bokosi lofanana mbali zonse, bwato limafupika ndipo msodzi amatalika modabwitsa. Ndi bwino kuchichepetsa kukhala 768 ndi 576, kuti mbali zake zisapotoke. Tsopano mawu. Anthu ambiri amalemba ngati akutuma munthu, motere:

```
make this photo a watercolor, change to sunset, remove the plastic bucket
```

Chiganizochi n'chomveka kwa munthu, koma kwa makina a mtundu uwu n'cholakwika paliponse. Iwo anaphunzira kuchokera ku zithunzi zambirimbiri za pa intaneti ndi mawu amene analembedwa pambali pake, ambiri mwa iwo a Chingerezi, n'chifukwa chake malangizo amalembedwa m'chinenerocho. Mawu apambali pa chithunzi amanena zimene zili m'chithunzimo, sanena zoti zichitike. Ndiye makina akawerenga chiganizo chathuchi sagwira lamulo lililonse. Amangotola mayina a zinthu: chithunzi cha kamera, utoto wamadzi, kulowa kwa dzuwa, chidebe chapulasitiki. Chidebe chimene amafuna kuchotsa wachitchula yekha, ndipo kutchulako kukuchilimbitsa. Chithunzi cha kamera chimene amafuna kuchithawa wachitchulanso. Koma msodzi, bwato ndi ukonde, zimene amafuna kusunga, sanazitchule n'komwe. Pa mlingo wa 0.3 vutoli silionekera kwambiri poti chithunzi chikadali cholimba. Pa 0.6, pamene timadontho tafufuta zambiri, makina amangoona chinthu chachitali chakuda chitagona pa mchenga, ndipo popanda wowauza akhoza kuchisandutsa chipika, mwala kapena boti la matabwa.

Mawu oyenera amafotokoza chithunzi chimene chikufunika kutuluka, ngati kuti chilipo kale ndipo munthu akungonena zimene akuona. Amayamba ndi mtundu wa chithunzicho, kenako zinthu zimene ziyenera kupulumuka, chilichonse chitatchulidwa ndi dzina lake lenileni:

```
watercolor illustration, fisherman in a red shirt standing beside a wooden
dugout canoe on a sandy lake shore, fishing net inside the canoe,
calm water, distant hills, soft paper texture
```

Zosafunika zimapita m'bokosi lina, lolembedwa Negative prompt, limene makina amaliwerenga ngati zinthu zoti azitalikire. M'menemo mungalowe photograph, plastic bucket ndi outboard motor. Taonani kuti bwato latchulidwa kuti dugout canoe, osati boat. Zithunzi zambiri zimene makina anaziona zili ndi liwu lachiwirili zinali za maboti amatabwa, a matanga ndi a injini, choncho liwulo likalowa, bwato losemedwa ku mtengo umodzi limayamba kumera mipando ndi nthiti za matabwa pamene mlingo ukukwera. Apa m'pamene mawu amaperekeza chithunzi m'njira yeniyeni: chithunzi chimapereka malo, kutalika ndi kupendekeka kwa bwato, mawu amateteza kuti likhalebe bwato. Tsopano wojambulayo ayese milingo itatu, nambala yotchedwa Seed ataisiya imodzimodzi. Nambala imeneyi ndiyo imasankha chipwirikiti cha timadontho choyambira, ndipo ikamasintha pa ulendo uliwonse munthu sangadziwe ngati kusiyana kwabwera chifukwa cha mawu, mlingo kapena mwayi chabe. Kawirikawiri pa 0.3 chimatuluka chithunzi chomwe chija chongosalazidwa pang'ono, chidebe chili pompo. Pa 0.5 kapena 0.6 utoto wamadzi umayamba kuoneka ndipo msodzi ndi bwato amakhala m'malo awo. Pa 0.8 utoto umakongola ndithu, koma msodzi akhoza kutembenuka, kukhala pansi kapena kusamukira mbali ina ya bwato. Manambalawa amasuntha pang'ono malinga ndi makina amene munthu akugwiritsa ntchito, koma ndondomeko yake siisintha.

Nanga kulowa kwa dzuwa kuja? Mwadala sikunalembedwe m'mawu achiwiriwo, chifukwa pano m'pamene njira ya img2img imafika pamapeto pake. Kuwala kwa masana ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimakhazikika pa masitepe oyambirira: mchenga woyera mbuu, thambo lobiriwira, mthunzi waufupi pansi pa bwato. Kuti mawu asinthe zimenezi ayenera kulowa koyambirira, kutanthauza mlingo wa 0.8 kapena kuposa, ndipo pa mlingo umenewo kaimidwe ka msodzi katayika kale. Pa 0.5 kaimidwe kalipo, koma mawu akuti sunset amangosiya chikasu chodetsedwa m'mphepete mwa thambo pomwe mchenga ukuwalabe ngati masana. Palibe nambala pakati apo imene ingapereke zonse ziwiri, chifukwa mtundu ndi kakhalidwe ka zinthu zimafufutika limodzi. Ambiri akafika apa amakweza CFG Scale, nambala imene imawonjezera mphamvu ya mawu, imene nthawi zambiri imakhala pa 7 kapena 7.5. Akaifikitsa pa 15 kapena 20 mitundu imapsa, m'mphepete mwa zinthu mumakhala mizere yokhuthala, nkhope imauma, koma masana sachoka. Chizindikiro chimenechi n'chothandiza kuchidziwa: mitundu yopsa pamodzi ndi chinthu chokana kusintha zimasonyeza kuti mawu akulimbana ndi chithunzi, ndipo chofunika kukonza ndi chithunzi kapena njira, osati kukuwa kwambiri. Njira yapafupi ndi kupaka chithunzicho mtundu wa madzulo mu pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi chisanalowe m'makina, ngakhale mopanda luso, chifukwa timadontho tidzabisa kupanda lusoko koma mtundu udzatsala.

Njira ina ndi kupatsa makina gawo limodzi lokha la chithunzi. Izi ndi zimene ControlNet amachita. Anatulutsidwa mu Febuluwale 2023 ndi Lvmin Zhang ndi Maneesh Agrawala a pa yunivesite ya Stanford, ndipo maganizo ake ndi osavuta. Chithunzi chimayamba chasefedwa kuti patsale chinthu chimodzi. Sefa yotchedwa Canny, imene inatenga dzina la John Canny amene anafalitsa njirayi mu 1986, imasiya mizere yoyera ya m'mphepete mwa zinthu pa tsamba lakuda. Sefa ya Depth imasiya mapu osonyeza kuti chapafupi n'chiti, chakutali n'chiti. Sefa ya OpenPose imasiya timizere tosonyeza pamene pali mutu, mapewa, zigongono ndi mawondo a munthu, china chilichonse n'kutayidwa. Makina amayamba ndi chipwirikiti chokhachokha, ngati palibe chithunzi, koma pa sitepe iliyonse amayang'ana mapu aja kuti asachoke pa mzere. Popeza mtundu ndi kuwala zatayidwa pa sefa, mawu tsopano ali ndi ufulu wonse pa zimenezo, ndipo sunset, warm orange light, long shadows zikawonjezedwa zimagwira ntchito bwinobwino. Koma ufuluwo uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ukutsimikizira mfundo yathu. Malaya ofiira amene mu img2img akanapulumuka okha pa mlingo wochepa, pano sakudziwika konse mpaka atalembedwa. Khungu la msodzi, msinkhu wake, mtundu wa mtengo wa bwato, zoti pansi ndi mchenga osati udzu, zonsezi zasanduka ntchito ya mawu. Chithunzi chikapereka zochepa, mawu ayenera kutalika. Ndi OpenPose ngakhale bwato lenilenilo kulibe, ndipo lidzaoneka pamene makina afuna.

Kusankha sefa nakonso kumafuna kuyang'ana chithunzi mosamala. Canny sasiyanitsa mzere wa bwato ndi mzere wa mthunzi wake, choncho mthunzi waufupi wa masana uja umalowa m'mapu ngati chinthu, ndipo umadzatuluka ngati banga kapena dzenje pansi pa bwato pomwe mithunzi yaitali ya madzulo ikugwera kwina. Pa ntchito yathuyi Depth ndi yabwinopo, poti mthunzi ulibe kutalika kwakekwake ndipo nthawi zambiri suoneka m'mapu otere. Koma chidebe chija chimatsala m'masefa onse awiri. Kuchilemba mu Negative prompt sikuchotsa mzere wake, kumangochititsa makina kufunafuna chinthu china choika pamenepo, ndipo pamatuluka chibulumwa chosadziwika. Pali njira ziwiri zoona: kuchifufuta pa chithunzi kapena pa mapu ntchito isanayambe, kapena kuchipatsa dzina latsopano logwirizana ndi maonekedwe ake. Mawu akuti woven basket amasandutsa chidebe kukhala dengu mosavuta, chifukwa mzere wa ziwirizi ndi wofanana. Ngati utoto ukutuluka wouma, wotsatira mizere mopitirira, nambala ya Control Weight itsitsidwe kuchoka pa 1 kufika cha pa 0.7, kapena Ending Control Step iikidwe pa 0.6 kuti mapu asiye kulamula masitepe omalizira. Pofika pamenepo kakhalidwe ka zinthu kakhazikika kale, ndipo utoto umapeza mpata woyenderera monga utoto wamadzi umachitira.

Wina anganene kuti ngati mawu ndiwo amasenza zimene chithunzi chataya, ndiye kuli bwino kulemba chilichonse, ndime yathunthu, kuti pasatsale mpata. Maganizowa ali ndi mbali yoona, monga taonera pa ControlNet, koma ali ndi malire awiri. Loyamba ndi la kukula kwa khomo. Gawo lowerenga mawu mu Stable Diffusion 1.5, lotchedwa CLIP, limalandira tizidutswa ta mawu 77 pa nthawi imodzi, ndipo tiwiri mwa ito ndi tosonyeza poyambira ndi pothera. Mapulogalamu ena amadula zotsalazo, ena amazigawa m'magulu, koma mulimonsemo liwu lililonse lowonjezera limachepetsa gawo la anzake. Lachiwiri ndi lakuti makinawa sagwira bwino zoti mtundu uwu ndi wa chinthu ichi. Mukalemba malaya ofiira, kabudula wobiriwira, ukonde wachikasu ndi chipewa choyera, musadabwe bwato likatuluka lofiira kapena ukonde woyera. Mitundu imadontha kuchoka pa chinthu china kupita pa china, ndipo ikachuluka kudonthako kumachulukanso. Ndiye muyeso si kutalika kwa mawu. Funso loyenera kufunsa pa liwu lililonse ndi lakuti: kodi chithunzi, pa njira ndi mlingo umene ndasankha, chikunena kale zimenezi? Ngati chikunena, liwulo lingachoke. Kulemba kuti msodzi ali kumanzere kwa bwato pamene mapu a Depth akusonyeza kale zimenezo ndi kuwononga malo, komanso makinawa amasokoneza kumanzere ndi kumanja kawirikawiri.

Chotsutsa champhamvu kuposa ichi n'chakuti zonsezi ndi za makina akale, poti alipo atsopano amene amamva lamulo. Izi n'zoona. Chakumapeto kwa 2022 Tim Brooks, Aleksander Holynski ndi Alexei Efros a ku Berkeley anaonetsa InstructPix2Pix, amene anaphunzitsidwa ndi zithunzi ziwiriziwiri, china chisanasinthidwe china chitasinthidwa, pamodzi ndi lamulo limene linabweretsa kusinthako. Kuyambira pamenepo mapulogalamu ambiri otchuka atenga njira yomvera lamulo, ndipo kwa iwo chiganizo choyamba chija sichilinso cholakwika. Chimene chasintha ndi kalembedwe ka chiganizo, koma kugawana ntchito sikunathe. Ambiri mwa makinawa amajambulanso chithunzi chonse, osati pokhapo pamene mwalozapo, choncho zimene simunanene kuti zisungidwe zimatha kusuntha pang'ono: nkhope imasintha, bwato limatalika, mapiri amachoka. Mukasintha kasanu motsatizana, kusuntha kwapang'onoko kumaunjikana mpaka msodzi n'kukhala munthu wina. Lamulo labwino kwa makina otere limakhalabe ndi mbali ziwiri, chosintha ndi chosunga, ndipo ndi bwino kubwerera ku chithunzi choyambirira m'malo momanga pa chotuluka chachinayi. Choyamba kudziwa, tsono, ndi mtundu wa makina amene muli nawo, ofuna kufotokozeredwa kapena omva lamulo. Palinso mtundu wachitatu umene umasokoneza anthu ambiri. Mu Midjourney, chithunzi choikidwa kutsogolo kwa mawu sichisunga kakhalidwe ka zinthu, chimangopereka zimene zili m'katimo, mitundu ndi mzimu wake, ndipo `--iw` imakweza kapena kutsitsa mphamvu yake poyerekeza ndi mawu. IP-Adapter, imene inachokera ku Tencent mu 2023, imachita zofanana ndi zimenezi mu Stable Diffusion. Kumeneko ntchito imatembenuka: chithunzi chimanena maonekedwe, mawu ndiwo ayenera kunena kaimidwe ndi malo.

Chatsala ndi nkhope, imene imakhumudwitsa anthu kuposa china chilichonse, ndipo mawu sangaithandize. Stable Diffusion sagwira ntchito pa mapikiselo enieni. Amayamba wapanikiza chithunzi kasanu ndi katatu mbali iliyonse, moti cha 512 ndi 512 chimasanduka timabokosi 64 ndi 64. Ngati nkhope ya msodzi ndi mapikiselo 40 m'lifupi, m'kati mwa makina ndi timabokosi tisanu tokha, ndipo m'menemo simungakwane maso, mphuno ndi pakamwa za munthu wodziwika. N'chifukwa chake nkhope zazing'ono, zala, maso a ukonde ndi zolembedwa pa malaya zimatuluka zopotoka ngakhale pa mlingo wochepa. Kulemba detailed face sikuwonjezera timabokosi. Chothandiza ndi kudula chithunzi kuti munthu akhale wamkulu m'katimo, kapena kumaliza chithunzi chonse kenako n'kugwiritsa ntchito Inpaint pa nkhope yokha, mutasankha Only masked kuti makina akulitse kachigawoko, akajambule pa kukula kokwanira, n'kukabweza m'malo mwake. Pamenepo mawu nawonso asinthe, afotokoze nkhope yokhayo ndi mtundu wa utoto, chifukwa mukasiya mawu onse aja makina adzayesa kulowetsa bwato ndi mapiri m'kachigawo ka nkhope. Pa buku la ana nkhope yeniyeni ya msodziyo siifunika, ndipo ndi bwino kuti isatuluke ngati mwini wake sanavomere. Chithunzi chotsogolera chikhale chojambula nokha kapena chimene mwini wake walola, poti pa mlingo wa 0.3 kapena 0.4 chotuluka chimakhala chikadali chithunzi chake chomwe chija, chongovala utoto wina. Pa mlingo wa 0.4 mpaka 0.5 mu Inpaint, ndi mawu onga watercolor, face of an older fisherman, gentle smile, nkhope imatuluka yoyera bwino, yogwirizana ndi mutu umene ulipo, koma yosakhala ya munthu amene anaima pa mchenga tsiku lija.